"Mutiganizireko" alibe mnzake m'Chingerezi

Mwana wa kumudzi akangoponda ku yunivesite amalembedwa ntchito imodzi yomwe sanaifunsire: kumasulira makalata. Kwathu ku Dedza ntchitoyi masiku ano imabwera pafoni. Wapampando wa kalabu ya alimi, mayi wa geni ya kabichi, mmisiri wa mipando, onsewa amalemba kapena kungonena m'Chichewa chawo chabwinobwino, kenako n'kuti, "Iwe wa sukulu, tatembenuzira m'Chingerezi titumize pa imelo." Kwa iwo ndi ntchito ya mphindi zisanu, ngati kukhuthula ufa m'lichero kuthira m'beseni.

Ine ndikuona kuti kalata ya bizinesi yochoka m'Chichewa kupita m'Chingerezi imaonongekera kwambiri pa ulemu. Galamala ikhoza kukhala yolondola kuyambira pamwamba mpaka pansi, koma wolandirayo n'kumva ngati akupemphedwa ndi wopemphapempha, kapena ngati akukalipiridwa. Chifukwa chake n'chakuti ziyankhulo ziwirizi zimasunga ulemu m'malo osiyana. Womasulira amene amafunafuna liwu la Chingerezi lofanana ndi liwu lililonse laulemu la m'Chichewa ndiye amatulutsa kalata youma. Amene amangotaya mawu aulemuwo poti Chingerezi chimakonda kulunjika ndiye amatulutsa yamwano. Chofunika n'kuzula ulemuwo pomwe Chichewa chinaudzala, n'kukauwokera pomwe Chingerezi chimauyembekezera.

Tiyambe ndi pomwe Chichewa chimauika. Tengani liwu limodzi lokha, "mutitumizireko". Koyambirira kuli "mu", kusonyeza kuti munthu mmodzi tikumulankhula ngati ambiri, mmene timachitira ndi aliyense yemwe si mwana kapena mnzathu wa ponda apa n'pondepo. Pakati pali "ir", amene kusukulu tinkamutcha msintho womuchitira, kusonyeza kuti akachita zimenezi wachitira ife, ndipo tikudziwa kuti watithandiza. Mneniyo wathera pa "e", ndiye kuti tikufotokoza khumbo lathu, sitikulamula. Kumapeto kuli ka "ko", komwe kamachepetsa pempho kuti lioneke ngati si kanthu kolemera. Maulemu anayi m'liwu limodzi. Likafika m'Chingerezi mwachindunji limasanduka "send us", ndipo maulemu onse anayi athera panjira. Chatsala ndi lamulo lokhalokha, longa la kapitawo kwa waganyu.

Chingerezi nacho chinali ndi "iwe" ndi "inu" kalekale. "Thou" anali "iwe", "you" anali "inu", ndipo Baibulo la King James la 1611 likadali ndi "thou" wake. Koma m'kupita kwa zaka Angerezi anayamba kunena "you" kwa aliyense, mfumu ndi mbusa wa nkhosa yemwe, mpaka liwulo linaleka kusonyeza ulemu uliwonse. Choncho mpata umene ife timaikamo ulemu wathu woyamba, iwo anautseka. Anakauika kwina: pa kusandutsa lamulo kukhala funso, pa timawu ngati "could" ndi "would", pa kupereka chifukwa cha pempho, ndiponso pa kusamutayira nthawi munthu amene akuwerenga. Chomalizachi ndicho chimatipiringiza kwambiri, chifukwa kwa ife kufika pa mfundo msanga ndi kupanda mwambo, pomwe kwa wowerenga imelo ya Chingerezi muofesi kuzungulira ndiye kupanda mwambo.

Kuti tisamangolankhula m'malere, nachi chitsanzo cha mtundu wa kalata yomwe imandipeza kawirikawiri. Manambala ndi dzina la wolandira ndangoikapo kuti nkhani ioneke bwino. Kalabu ya alimi a mbatata ya kachewere ku Bembeke yaperekera matumba 40 ku hotela ina ku Lilongwe, mtunda wa makilomita oposa 80 pa msewu wa M1. Anagwirizana kuti ndalama ibwera pakatha masabata awiri. Padutsa masabata atatu, kuli zii. Pamwamba pa izo a hotela afunsa kale matumba ena 30. Wapampando, bambo wachikulire amene sanakalipirepo mlendo m'moyo wake, akulemba motere:

"Zikomo mayi. Choyamba tikupatseni moni, muli bwanji kumeneko pamodzi ndi onse ogwira nawo ntchito? Ife kuno ku Bembeke tili bwino, kungoti kuzizira. Pepani kuti takusokonezani pa ntchito zanu. Timati tikumbutseko za kandalama kathu ka mbatata ija tinabweretsa mwezi watha. Mpaka pano sitinakaone. Anzathu kuno akudandaula chifukwa nthawi yogula feteleza wa kudimba yayandikira. Chonde mutiganizireko. Za matumba ena munanena aja, tiona mmene zikhalire. Ife anu, a kalabu."

Munthu wa kwathu akawerenga kalatayi amamva zonse. Amamva kuti ndalama yachedwa, alimi atopa, ndipo matumba ena aja sabwera pokhapokha ngongole itaperekedwa. Kalatayi ili ndi mano, kungoti yawabisa m'milomo. Tsono onani mmene imatulukira womasulira akaitsata liwu ndi liwu:

```
Thank you madam. First of all we greet you, how are you there together with all your workmates? Here we are fine, only that it is cold. Sorry for disturbing you. We wanted to remind you about our small money for the potatoes. Up to now we have not seen it. Our friends are complaining. Please consider us. About the other bags, we will see.
```

Mano aja agweluka onse, ndipo m'malo mwake mwamera minga yomwe wapampando sanadzale. Ziganizo zinayi zoyamba sizikunena kanthu kwa munthu amene ali ndi maimelo makumi angapo omudikira. "Our small money" ikumveka ngati alimiwo akuti ndalamayo ndi yochepa, yosafunika kuithamangira, pomwe "ka" wa mu "kandalama" anali wongofewetsa nkhani, ndalamayo ndi mamiliyoni awiri. "Please consider us" ndi mawu a munthu wofunsira ntchito kapena wopempha thandizo laulere. Alimiwa sakupempha thandizo, anagulitsa katundu ndipo ndalamayo ndi yawo. Womasulira wawatsitsa kuchoka pa ochita malonda kufika pa opemphetsa, iwo osadziwa.

Minga ili pawiri. "Our friends are complaining" m'khutu la Chingerezi ndi anthu amene akuwinya ndi kuloza chala. Koma "kudandaula" kwa m'Chichewa kumatenganso nkhawa ndi kuvutika mumtima. Mayi amadandaula mwana akadwala, sakuimba mlandu munthu. Wina ndi "we will see". Kwathu "tiona" ndi njira yaulemu yokanira kapena yoimikira nkhani osamuchititsa manyazi mnzako. M'Chingerezi amamveka ngati kunyalanyaza, mwinanso kuopseza, monga amanenera munthu pa mkangano. Ndiye kalata imodzi yomweyo yagwada koyambirira, n'kudzakunga chibakera kumapeto.

Anzanga ena a ku koleji akaona zimenezi amathawira mbali inayo. Amati mzungu safuna zambiri, tingonena zomwe tikufuna. Amachotsa moni, amachotsa pepani, n'kulemba fupa lokha:

```
We want our money for the potatoes. You have not paid us. You should send it this week. We will not bring more bags until you pay.
```

Chilichonse m'menemu ndi choona, ndipo Chingerezi chake mphunzitsi wa Fomu 4 sangachidule ndi cholembera chofiira. Koma hotela yomwe yalandira izi ikhoza kulipira n'kukafuna mlimi wina, ndipo alimi a kachewere ku Dedza ndi ku Ntcheu ndi osayamba. "We want" amachokera ku "tikufuna", yemwe m'Chichewa ndi liwu wamba, timalinena pogula mchere pa golosale popanda wokhumudwa. M'Chingerezi cholemba ndi liwu la mwana wolirira switi. "You should" amachokera ku "mutumize", ndipo ndi msampha umene ambirife tinautolera kusukulu, komwe mneni aliyense wothera pa "e" tinkamumasulira ndi "should". Koma "should" ndi liwu la wamkulu polangiza wamng'ono. Ndipo "you have not paid us" waloza chala pa munthu mmodzi, mayi wogula zinthu uja, chikhalirecho mwina iye anasaina kale mapepala ndipo atsakamira ku ofesi ya za ndalama.

Ndisanalembe chiganizo chilichonse cha Chingerezi, ndimabwerera kwa mwini kalata ndi mafunso. Apa ndi pomwe ndimasiyana ndi amene amati womasulira azingomasulira zomwe wapatsidwa. Kalata ya wapampando yati "mbatata ija", "mwezi watha", "matumba ena aja". "Ija" ndi "aja" ndi mawu achibale, amatanthauza kuti inu ndi ife tikudziwana, nkhaniyi sitikuyamba lero. M'Chichewa kutchula tsiku ndi nambala yeniyeni ya ndalama kwa munthu amene uli naye pa ubale kumamveka ngati ukumutengera kubwalo la milandu. Koma wolandira imelo amagula mbatata, tomato, anyezi ndi nkhuku kwa anthu ambirimbiri. "Ija" kwa iye ndi ntchito yowonjezera, akafufuze m'mafayilo. Ndiye ndimafunsa: munapereka pa deti yanji? Matumba angati? Invoisi nambala yake ndi chiyani? Anasainira polandira? Munagwirizana kuti alipira liti? Ndipo funso lovuta kuposa onse: mukufuna ndalamayi ifike pofika liti, ndipo ikapanda kufika, matumba 30 aja mupereka kapena ayi?

Funso lomalizali wapampando amalizemba, amaseka, amati "iwo adziwa okha". Koma "tiona" sangawoloke kupita m'Chingerezi asanasankhe mbali. Ngati tanthauzo lake ndi lakuti sitibweretsa mpaka mutalipira, Chingerezi chili ndi njira yaulemu yonenera zimenezo. Ngati tanthauzo lake ndi lakuti tibweretsabe koma tili ndi nkhawa, njira yake ndi ina. Womasulira akasankha yekha, wapangira kalabu chiganizo cha malonda chomwe sanatumidwe. Tinene kuti wapampando wavomera kuti zoona, popanda ndalamayi alibe ngakhale ya thiransipoti yotumizira matumba enawo. Pamenepo kalata imayamba kulembeka.

Mutu wa imelo ndi moni zimakhala chonchi:

```
Subject: Invoice 014, potatoes delivered on 14 March

Dear Mrs Banda,

I hope you are well. I am writing on behalf of our farmers' club in Bembeke about the 40 bags of potatoes we delivered on 14 March.
```

Moni yense wa wapampando, ndi ogwira nawo ntchito, ndi kuzizira kwa ku Bembeke, walowa m'mawu asanu okha, "I hope you are well". Zimandiwawa pang'ono kutaya kuzizira kuja, chifukwa aliyense amene anagonapo ku Bembeke mwezi wa Juni akudziwa kuti si nkhani yongopeka. Koma ntchito ya moni uja inali kusonyeza kuti tikukuonani ngati munthu tisanakuuzeni vuto lathu, ndipo mawu asanuwa agwira ntchito yomweyo pa muyeso umene wowerengayu anazolowera. "Pepani kuti takusokonezani" ndamuchotseratu. "Pepani" wathu ndi wotakata, timamunena pa maliro, timamunena munthu akapunthwa yekha, timamunena podutsa pakati pa anthu. "Sorry" m'kalata ya malonda amakonda kumveka ngati kuvomera kulakwa, ndipo wofunsa ndalama yake sanalakwe.

Pa dzina palinso mbuna. "A" wathu waulemu timamuphatika pa dzina lililonse, loyamba kapena la bambo, n'kukhala bwino. M'Chingerezi "Mr" ndi "Mrs" amayenda ndi dzina la bambo. Kuwaphatika pa dzina loyamba lokha kumamveka kwachilendo m'kalata. Chinanso, Chichewa sichisiyanitsa mwamuna ndi mkazi pa mlowam'malo, ndipo maina ngati Chikondi, Mphatso, Chisomo ndi Tiyamike ndi a onse. Wapampando akati "a akauntanti anatiuza", womasulira sangadziwe ngati alembe "he" kapena "she" pokhapokha atafunsa. Kulemba "Dear Sir" kwa mayi amene wakhala pa mpando umenewo zaka zambiri ndi mwano woyamba, kalata isanayambe n'komwe. Ngati simukudziwa, lembani dzina lonse pambuyo pa "Dear" popanda "Mr" kapena "Mrs". Ngati ndi mayi koma simukudziwa ngati ali pabanja, "Ms" alipo.

Tsopano thunthu la nkhani:

```
Our records show that invoice 014, for K2,000,000, was due on 28 March, and we have not yet received the payment. I have attached a copy, together with the signed delivery note. Could you let us know when we can expect it? If it has already been sent, a copy of the deposit slip would help us trace it.
```

Apa ndiye pomwe ulemu wa wapampando wasamukira, ndipo ndi bwino kuona chidutswa chilichonse komwe chapita. "Sitinakaone" anali wochenjera kale m'Chichewa: sananene kuti simunalipire, anati ife sitinaone. Nzeru imeneyo ndaisunga mu "we have not yet received", momwe mwini chiganizo ndi ife, ndipo chala sichikuloza munthu. Ka "yet" ndi kakang'ono koma kakunena kuti tikukhulupirirabe kuti ndalama ikubwera. "Mutiganizireko" wasanduka funso loyamba ndi "could you". Ndipo taonani kuti funsolo silikuti kodi mulipira, likuti mulipira liti. Kulipira kwatengedwa ngati chinthu chodziwika kale, ndiye alimi aimirira pa miyendo yawo ngati ochita malonda, koma mayi uja wapatsidwa funso lomwe angathe kuyankha popanda kuchita manyazi.

Chiganizo chomaliza, choyamba ndi "if it has already been sent", ndi khomo lothawira. M'maphunziro a ziyankhulo timawerenga Penelope Brown ndi Stephen Levinson, amene m'buku lawo la 1987 lonena za ulemu anafotokoza kuti pempho lililonse limaopseza nkhope ya wopemphedwa, ndipo anthu kulikonse amafuna njira zoitetezera. Agogo athu sanadikire buku kuti adziwe zimenezo. "Timati tikumbutseko" ndi chitetezo chomwecho, kunamizira kuti munthu wangoiwala chabe. Chingerezi cha muofesi chimateteza nkhope ponamizira kuti mwina ndalama ili panjira ndipo ndife amene sitinaipeze. Bodza laulemu ndi lomwelo, malaya okha ndiwo asintha.

Pali malo amodzi pomwe ziyankhulo ziwirizi zimagwirizana modabwitsa. "Timati tikumbutseko", "ndimafuna ndifunse nawo": timaika pempho m'nthawi yakale ngati kuti tinaliganiza kalekale ndipo mwina talisiya. Chingerezi chimachitanso chimodzimodzi ndi "I was wondering whether" kapena "I wanted to ask". Choncho pofunsa chinthu chomwe munthu ali ndi ufulu wokana, monga kupempha kuti akweze mtengo wa thumba kapena asinthe tsiku lolandira katundu, mawu amenewa amakhala bwino kwambiri. Pa ngongole yomwe tsiku lake linadutsa kale, ine ndimawasiya. Amafewetsa mopitirira, mpaka wowerenga amaiika kalatayo pa mulu wa zodzaona sabata yamawa.

Ndime yotsiriza ndiyo ya feteleza ndi ya "tiona":

```
We would be grateful to have the payment by Friday 11 April, as our members need to buy fertiliser for the winter crop. We would like to supply the next 30 bags, and can confirm a delivery date once this payment is in.

Thank you for your help.

Kind regards,
```

"Akudandaula" wachoka, chatsala ndi chifukwa chake chenicheni, feteleza wa mbewu za kudimba. Kupereka chifukwa m'Chingerezi ndi ulemu pakokha, kumasonyeza kuti tsiku lomwe taikalo sitinalitole m'mutu kuti tikuvutitseni. Chifukwa chimodzi n'chokwanira. Mukawonjezerapo fizi ya ana, matenda a mayi a msungichuma ndi denga lodontha, kalata yabwereranso ku kupemphetsa. Ndipo "tiona" wasanduka chiganizo chomwe chikuyamba ndi zomwe tikufuna kuchita, kupereka matumba 30, n'kumangirira lonjezolo pa kulipira. Tanthauzo ndi lomwe lija la "we will not bring more bags until you pay", palibe chomwe chachepa. Kusiyana kwake n'kwakuti uyu watsegula chitseko n'kusonyeza pomwe pali kiyi, pomwe uja anachimenyetsa.

Mwina mwaona kuti m'kalata yonseyi mulibe "please" ngakhale mmodzi. Si kuti ndi liwu loipa. Koma "chonde" wathu ndi wolemera, amachokera pansi pa mtima, pomwe "please" ndi wopepuka moti akakhala patsogolo pa lamulo salisintha kukhala pempho. "Please pay by Friday" akadali lamulo, longovala tayi. Chimodzimodzi "kindly", amene timamukonda kwambiri m'maofesi a kuno. Ndipo kuunjika onse pamodzi, "I humbly request you to kindly please assist", ndi kumene kumabala kuuma komwe anthu amadandaula nako. Kuuma kumeneku kuli ndi kwawo. Ambirife Chingerezi cha makalata tinachiphunzira pokonzekera mayeso a MSCE, pa kalata yofunsira ntchito ndi yopita kwa akuluakulu a boma, momwe wolemba ali pansi ndipo wolandira ali pamwamba. Tikatenga chikombole chimenecho n'kuumbira kalata ya pakati pa wogulitsa ndi wogula, njerwa yake imatuluka yogwada.

Pali zotsutsa ziwiri zomwe ndimazimva, ndipo zonse zili ndi nzeru. Choyamba n'chakuti mayi wa ku hotela ku Lilongwe uja ndi Mmalawi, Chichewa amachidziwa, ndipo "please consider us" akamuwerenga amamva "mutiganizireko" kumbuyo kwake. N'chifukwa chiyani tikuyesa Chingerezi chathu pa sikelo ya ku London? Ndikuvomereza kuti Chingerezi cha ku Malawi ndi Chingerezi ndithu, ndipo kalata yopita kwa munthu amene mumadziwana naye ikhoza kusunga moni wotalikirapo, ngakhale chiganizo cha kuzizira chija, ikhozanso kutsekera ndi "Zikomo kwambiri" osamasulira. Koma imelo ya ngongole siikhala pa tebulo limodzi. Imatumizidwa kwa a za ndalama, kwa manejala amene mwina ndi wochokera ku South Africa kapena ku India, ndipo zinthu zikavuta imasindikizidwa n'kukhala umboni. Onsewa sanamve mawu a wapampando, sanaone nkhope yake. Chomwe ali nacho ndi pepala. Kuyambira mu 1968, pomwe Chichewa chinakhazikitsidwa kukhala chiyankhulo cha fuko, Chingerezi chakhalabe cha m'mafayilo, m'mabanki ndi m'makontirakiti. Ndikanakonda zikanakhala mwina, ndipo tsiku lina ndidzalemba za zimenezo, koma alimi a ku Bembeke akufuna ndalama yawo Lachisanu likubwerali.

Chotsutsa chachiwiri n'cholemera kuposa choyamba. Ngati ndachotsa pepani, ndawonjezera madeti, ndasintha "tiona" kukhala chiganizo chonse, kodi imeneyi ikadali kalata ya wapampando kapena yasanduka yanga? Munthu wosadziwa Chingerezi akapereka mawu ake kwa womasulira amakhala wapereka pakamwa pake, ndipo sangathe kuona zomwe zanenedwa m'dzina lake. Mtanthauziramawu sangathetse vutoli. Wa Steven Paas adzakuuzani mawu a Chingerezi oyandikana ndi "dandaula", ndipo Mtanthauziramawu wa Chinyanja womwe unatuluka mu 2000 kuchokera ku likulu la za ziyankhulo la Yunivesite ya Malawi ku Zomba adzakufotokozerani liwulo m'Chichewa momwemo. Onsewa ndi othandiza, koma palibe amene angakuuzeni ngati bambo uyu, lero, polankhula ndi mayi uyu, akudandaula mwa nkhawa kapena mwa mkwiyo.

Njira yokhayo yomwe ndikuidziwa ndi kumuwerengera mwini kalata zomwe zalembedwa, m'Chichewa, isanatumizidwe. Ndipo powerengapo osabwezeretsa mawu ake okoma aja, koma kumuuza mphamvu yeniyeni ya Chingerezicho. Ndimanena kuti, "Bambo, apa tawauza kuti ndalama inayenera kufika pa 28 Malichi ndipo sitinailandire. Apa tawafunsa kuti atiuze tsiku. Apa tawapatsa malire, Lachisanu pa 11 Epulo. Apa tawauza mwaulemu kuti matumba 30 aja adikira ndalamayi." Nthawi zambiri wachikulire amaima pa malire paja. Kupatsa munthu tsiku kumamuvuta, amati tikhala ngati tikuwalamula. Ndimawafotokozera kuti kwa wowerenga kalata yotere tsiku ndi thandizo, limamuuza kuti aike pepala liti pamwamba, ndipo popanda tsiku "posachedwa" wathu amasanduka "soon", amene alibe malire. Akakanabe, tsikulo limachoka, chifukwa kalata ndi yawo ndipo ubale ndi hotelayo adzausenza ndi iwo ine nditabwerera ku sukulu. Chomwe ndimakana n'kuwauza kuti kalata ndi yofewa pomwe ili yolimba, kapena kuti ndi yolimba pomwe ndaifewetsa.

Pansi pa "Kind regards" pamalowa dzina la wapampando, udindo wake, dzina la kalabu ndi nambala ya foni yomwe imagwira netiweki kumudziko. "Ife anu" alibe malo m'Chingerezi cha imelo. "Yours faithfully" ndiye m'bale wake wapafupi, koma amayenda ndi "Dear Sir" kapena "Dear Madam" m'kalata yapepala, ndipo pansi pa imelo yotchula munthu dzina amaoneka ngati jekete la suti pamwamba pa kabudula. Yankho likabwera limafunikanso kulimasulira mosamala momwemo, chifukwa nalo limabisa mano. "We are looking into it" wapampando akamumva ngati "tikuyang'anamo" amasangalala, koma ameneyo ndi "tiona" wa m'Chingerezi, ndipo alibe tsiku. Kalata yachiwiri imapita Lolemba lotsatira malire aja, pansi pa imelo yoyamba yomweyo kuti zonse zioneke pamodzi, ndipo imakhala ya ziganizo ziwiri kapena zitatu: kuthokoza chifukwa cha yankho, kutchulanso invoisi 014 ndi K2,000,000, ndi kufunsa tsiku lenileni lomwe ndalama ilowe mu akaunti ya kalabu.